Zimene ubongo umachita tikagona, ndi mkangano wa chifukwa chimene timalotera

Mayi aliyense amene anayang'anitsitsapo khanda lake lili m'tulo anaonapo izi: nthawi zina mwana amagona phee, akupuma mwakachetechete, koma pakapita kanthawi maso ake amayamba kuyendayenda kunsi kwa zikope, milomo imagwedera ngati akufuna kumwetulira, ndipo mpweya umatuluka modukizadukiza. Anthu akhala akuziona zimenezi kuyambira kalekale. Chimene chinachedwa kudziwika n'chakuti akuluakulu nawonso amachita chimodzimodzi kanayi kapena kasanu usiku uliwonse, ndiponso kuti pa nthawi imeneyo ubongo wawo umakhala pa kalikiliki pafupifupi ngati wa munthu amene ali maso.

Amene anazitulukira ndi Eugene Aserinsky, wophunzira pa yunivesite ya Chicago ku America, pamodzi ndi mphunzitsi wake Nathaniel Kleitman. Aserinsky anayamba ndi mwana wake yemwe, wa zaka 8. Anamumata timawaya pamutu ndi m'mbali mwa maso, n'kumayang'anira makina usiku. Pakati pa usiku zolembera za makinawo zinayamba kugwedezeka ngati mwanayo wadzuka, koma atapita kukamuona anapeza ali m'tulo. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1953, ndipo tulo ta mtundu umenewu tinapatsidwa dzina lakuti REM, chidule cha mawu a Chingerezi onena za maso oyenda mofulumira. Mu 1957 William Dement ndi Kleitman anaonetsa kuti anthu akadzutsidwa ali m'tulo ta REM, pafupifupi maulendo 8 pa 10 aliwonse amanena kuti amalota, pomwe akadzutsidwa nthawi zina zonse samanena zambiri.

Zinaoneka ngati nkhani yatha: tulo ta REM ndiye maloto, maloto ndiye tulo ta REM. Ganizo limeneli linalamulira kwa zaka zambiri, ndipo mpaka pano likadali m'mabuku ena a sukulu. Koma linadzasweka, ndipo mkangano wa lero wa chifukwa chimene timalotera sungamveke popanda kuona pamene linaswekera.

Mmene tulo amatiyezera

Maselo a ubongo amalankhulana ndi timphamvu ta magetsi tating'ono kwambiri. Dokotala wa ku Germany, Hans Berger, ndiye anayamba kutijambula kuchokera pamutu pa munthu mu 1924, ndipo makina ochitira zimenezi amatchedwa EEG. Makinawa samva selo limodzi palokha. Ali ngati munthu amene waima kunja kwa bwalo la mpira: anthu a m'bwalomo akamacheza aliyense zake, iye amangomva phokoso laling'ono losokonekera, koma onse akayamba kuimba nyimbo imodzi ndi kuomba m'manja pamodzi, amamva kugunda kwakukulu kotsatana bwino. Choncho mafunde aang'ono othamanga pa EEG amasonyeza maselo otanganidwa ndi ntchito zosiyanasiyana, ndipo mafunde aakulu oyenda pang'onopang'ono amasonyeza maselo ochuluka akuchita chinthu chimodzi nthawi imodzi. Apa anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti funde lalikulu ndiye ubongo wotanganidwa. Zoona zake n'zosiyana.

EEG payokha siyikwanira. Woyeza tulo amafunikanso timawaya m'mbali mwa maso toonetsa mmene masowo akuyendera, ndi tina pachibwano toonetsa ngati minofu ili yolimba kapena yalefuka. Zojambula za usiku wonse amazidula m'zigawo za masekondi 30, ndipo chigawo chilichonse amachipatsa dzina limodzi: ali maso, N1, N2, N3 kapena REM. Usiku wa maola 8 umapereka zigawo 960. Mayina amenewa anakhazikitsidwa mu 2007. Mabuku akale, otsatira malamulo a Rechtschaffen ndi Kales a 1968, ali ndi gawo lachitatu ndi lachinayi, zimene pano zinaphatikizidwa kukhala N3.

Usiku umodzi, kuyambira 10 koloko

Tiyeni titsatire munthu wamkulu wathanzi amene wazimitsa nyali 10 koloko usiku ndipo adzuka 6 koloko m'mawa. Akangotseka maso n'kumasuka, kunkhongo kumayamba kutuluka mafunde otsatana bwino, 8 mpaka 12 pa sekondi, otchedwa alifa. Akadali maso. Akayamba kuwodzera, alifa amazimiririka, m'malo mwake mumabwera mafunde ochedwerako, 4 mpaka 7 pa sekondi, ndipo maso amayamba kugudubuka pang'onopang'ono. Iyi ndi N1, imene imangotenga mphindi zochepa. Mukamugwedeza pa nthawi imeneyi akhoza kukana kwamtuwagalu kuti sanagone. Kudzidzimuka kuja kumene munthu amamva ngati wapsepsereka kapena wagwera m'dzenje kumachitikanso pakhomo pa tulo pomwepa, ndipo si matenda.

N2 imadziwika ndi zizindikiro ziwiri. Choyamba ndi timafunde tothinana, 11 mpaka 16 pa sekondi, timene timayamba tating'ono, n'kukula, n'kuchepanso, zonsezi m'sekondi imodzi kapena ziwiri. Timachokera ku thalamasi, chiwalo cha pakati pa ubongo chimene mauthenga a maso, makutu ndi khungu amadzera asanafike ku khungwa la ubongo. Chachiwiri ndi funde limodzi lalikulu lodzidzimutsa, lotchedwa funde la K, limene limabwera lokha kapena phokoso likamveka. Galu akauwa panja, pa makina pamaoneka funde la K, koma munthu osadzuka. Ubongo wamva, wayankha, n'kupitiriza kugona. Pafupifupi theka la usiku wonse limathera mu N2.

Pasanathe ola limodzi munthu wathuyu amakhala atalowa mu N3, tulo tofa nato. Pano mafunde ndi aakulu ndipo amachedwa zedi: funde limodzi limatenga theka la sekondi mpaka masekondi awiri. Woyeza amati chigawo ndi cha N3 ngati mafunde oterewa adzaza masekondi 6 kapena kuposerapo mwa masekondi 30 aja. Chimene chimachitika mkatimo n'chochititsa chidwi. Maselo a khungwa la ubongo amakhala chete onse pamodzi kwa kachigawo ka sekondi, kenaka amayaka onse pamodzi, n'kukhalanso chete, motero mobwerezabwereza. Mircea Steriade ndi anzake ku Canada ndi amene anafotokoza bwino kachitidwe kameneka mu 1993. Uthenga uliwonse umene wayamba kuyenda m'ubongo umadulidwa ndi kukhala chete kotsatira, n'chifukwa chake wogona tulo timeneti ndi wovuta kumudzutsa, ndipo akadzutsidwa amakhala wosokonezeka kwa mphindi zingapo, osadziwa kuti kunja kwacha kapena ayi. Mtima umagunda mwapang'onopang'ono, kupuma kumakhala kofanana, ndipo thupi limatulutsa michere yokulitsa ndi kukonza minofu yambiri pa nthawi imeneyi.

Kenaka mafunde amabwerera ku N2, ndipo cha m'ma 11:30 chinthu chachilendo chimachitika. Mafunde aakulu aja amasowa, EEG imaonetsa timafunde tating'ono tosakanikirana ngati ta munthu wowodzera kapena amene ali maso. Maso amayamba kuthamanga uku ndi uku. Kupuma ndi kugunda kwa mtima kumasinthasintha. Koma mzere wa pachibwano umagwa n'kukhala pafupifupi wosalala, chifukwa minofu yoyendetsa thupi yalefukiratu, kupatula ya maso ndi yopumira. Pa zizindikiro zonse, mzere wa pachibwanowu ndi umene umathandiza kwambiri woyeza kusiyanitsa REM ndi kukhala maso.

M'kati mwa ubongo, michere imene maselo amatumizirana imasinthanso. Asetilokolini amachuluka ngati masana, koma noradirenalini ndi serotonini amatsika pafupifupi kutheratu. Pierre Maquet ku Belgium mu 1996, ndi Allen Braun ku America mu 1997, anajambula ubongo wa anthu ali m'tulo ta REM ndi makina oonetsa mbali zimene zikugwira ntchito kwambiri. Anapeza kuti mbali zokhudza mantha ndi mmene munthu akumvera mumtima, makamaka amigidala, zimayaka kwambiri, pomwe mbali ya kuseri kwa chipumi imene imakonza mapulani ndi kufunsa ngati chinthu chili chomveka imazilala. Zimenezi zikugwirizana ndi mmene maloto amakhalira. Munthu amacheza ndi malemu agogo ake m'kalasi ya ku pulayimale, ali ndi mantha kapena chimwemwe chenicheni, koma osadabwa ngakhale pang'ono.

REM yoyambayi ndi yaifupi, mwina mphindi 5 kapena 10. Ikatha, ulendo umayambiranso, ndipo kuzungulira kumodzi kumatenga pafupifupi mphindi 90, ngakhale kuti kumasiyana munthu ndi munthu, usiku ndi usiku. Chofunika kudziwa n'chakuti maulendowa safanana. N3 imachuluka m'maulendo awiri oyamba, ndipo ikamafika 2 koloko imakhala itatsala pang'ono kutha. REM imanka nitalika, moti ya mbandakucha ikhoza kupitirira theka la ola. Usiku wonse REM imatenga gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a tulo, pomwe kwa khanda lobadwa kumene imafika theka.

Tsono munthu wathu uja akadzuka 4 koloko kuti akakwere basi, wataya maola awiri pa maola 8, koma zimene wataya sizofanana m'magawo onse. N3 wayipeza pafupifupi yonse. Chimene chaduka kwambiri ndi REM, ndipo usiku wotsatira ubongo umayesa kubweza ngongoleyo, maloto n'kubwera ochuluka ndi amphamvu. Izi sizikunena mlimi amene anazolowera kugona 8 koloko n'kudzuka tambala woyamba, chifukwa thupi lake linasunthira ndondomeko yonse kumayambiriro kwa usiku. Mowa umachitanso zofananako ndi kudzuka msanga kuja: umapondereza REM m'maola oyamba, ndipo ukamatha m'magazi tulo ta mbandakucha timakhala todukaduka.

Thupi lomangidwa

Kulefuka kwa minofu kuja kuli ndi mbiri yakeyake. Michel Jouvet, wa ku Lyon ku France, anakuona mwa amphaka mu 1959, ndipo anapeza kuti lamulo lake limachokera m'tsinde la ubongo, pamalo otchedwa ponzi. M'zaka za m'ma 1960 anawononga kachigawo kakang'ono ka malowa mwa amphaka ena. Amphakawo akalowa mu REM ankadzuka ali chigonere, kuwenderera chinthu chosaoneka, kulumpha, kapena kuchita ngati akumenyana.

Mu 1986 Carlos Schenck ndi Mark Mahowald ku Minneapolis ku America anafotokoza matenda ofanana ndi amenewa mwa anthu, makamaka abambo opitirira zaka 50. Wodwala amamenya nkhonya, kuponda kapena kugwa pabedi, ndipo akadzutsidwa amafotokoza loto logwirizana ndendende ndi zimene amachita, monga kuthamangitsa wakuba. Ndi bwino kudziwa kusiyanitsa zimenezi ndi kuyenda m'tulo kwa ana. Mwana woyenda m'tulo, kapena wokuwa mwamantha maso ali tong'o koma osazindikira makolo ake, amakhala wadzuka mwatheka kuchokera mu N3. Zimachitika m'maola oyamba a usiku, n'kovuta kumutsitsimutsa, ndipo m'mawa sakumbuka kanthu. Ana ambiri amasiya akamakula. Wamkulu womenya nkhonya cha mbandakucha, maso ali otseka, amene akadzutsidwa amatsitsimuka msanga n'kusimba loto, ameneyo ndi wofunika kuonana ndi dokotala, chifukwa ambiri mwa anthu otere pakapita zaka amadzadwala matenda a ubongo onjenjemeretsa thupi otchedwa Parkinson kapena ena ofanana nawo.

Palinso zosemphana ndi zimenezi, zimene ambiri a ife tinakumana nazo kapena kumva kwa achibale. Munthu amadzuka, akuona chipinda bwinobwino, koma sangathe kusuntha ngakhale chala kapena kufuula. Pachifuwa pamalemera, ndipo nthawi zina amaona kapena kumva ngati m'chipindamo muli munthu. Kwathu kuno ambiri amathamangira kuganiza za afiti, ndipo mantha ake ndi enieni. Pa makina, chimene chimaoneka ndi ubongo umene wadzuka pomwe lamulo lomanga minofu la REM silinamasulidwe, zidutswa za loto zikusakanikirana ndi chipinda chenicheni. Zimatha zokha m'masekondi kapena mphindi zochepa, ndipo zimakonda kubwera munthu akamasowa tulo, akamagona nthawi zosinthasintha, kapena akagona chagada.

Pamene mkangano unayambira

Kufotokoza magawo a tulo n'kosavuta poyerekeza ndi kuyankha chifukwa chimene timalotera, ndipo vuto lake ndi limodzi: makina amaona mafunde, saona loto. Umboni wa loto ndi mawu a munthu amene wadzuka, ndipo loto limathawa m'mutu m'mphindi zochepa.

Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna, analemba mu 1900 kuti loto ndi chilakolako chobisika chimene chimavala chigoba kuti wogona asadzidzimuke. Ganizoli linatchuka kwambiri, koma linali lovuta kuliyesa, chifukwa loto lililonse, ngakhale loopsa, womasulira akanatha kulipezera chilakolako chake. Mu 1977 Allan Hobson ndi Robert McCarley a ku yunivesite ya Harvard ku America analitsutsa molimba. Iwo anati REM imayatsidwa ndi tsinde la ubongo, limene silidziwa za zilakolako za munthu. Tsindelo limaponya mauthenga osalongosoka m'mwamba, ndipo khungwa la ubongo, limene ntchito yake ndi kupeza tanthauzo, limayesetsa kuwalumikiza kukhala nkhani. Kwa iwo kusokonekera kwa maloto sikubisa kanthu, kumangosonyeza zipangizo zosalongosoka zimene ubongo wapatsidwa.

Mphamvu ya ganizo la Hobson inali yakuti linaima pa zinthu zoyezeka. Kufooka kwake kunali kwakuti linatsamira pa mfundo ija yakuti loto ndi REM, ndipo mfundoyo inali itayamba kale kung'aluka. Mu 1962 David Foulkes anasintha funso lofunsa odzutsidwa. M'malo mofunsa ngati amalota, ankawafunsa zimene zimadutsa m'maganizo mwawo asanadzutsidwe. Atatero, anthu odzutsidwa kunja kwa REM anayamba kusimba zinthu maulendo ochuluka. Zambiri zinali zazifupi, zonga maganizo wamba, koma zina, makamaka za m'mamawa, sizinkasiyana ndi maloto a REM.

Nkhonya yaikulu inachokera kwa Mark Solms, katswiri wa ku South Africa amene ndi pulofesa pa yunivesite ya Cape Town. Iye anafunsa odwala mazana angapo ovulala ubongo, ndi sitiroko, zotupa kapena ngozi, za maloto awo, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1997. Ena ananena kuti chivulalireni sanalotenso, koma tsinde la ubongo wawo linali labwinobwino. Chovulala chinali kumbuyo kwa khungwa la ubongo, kumene zoona, zomva ndi kuzindikira malo zimakumana, kapena mkati mwa kutsogolo, mmene mumadutsa njira za dopamini zimene zimapatsa munthu chikhumbo chofunafuna zinthu. Odwala ena otere atayezedwa usiku, REM inapezeka ilipo, maso akuthamanga, koma akadzutsidwa analibe loto losimba. Solms anati REM ndi loto ndi zinthu ziwiri zimene zimakonda kuyendera limodzi, ndipo popeza njira za chikhumbo zikukhudzidwa, Freud sanalakwe kotheratu. Pa mfundo yoyambayo ndikuona kuti Solms anapambana. Pa yachiwiriyo anapitirira umboni wake, chifukwa kusonyeza kuti loto limafuna njira za chikhumbo si kusonyeza kuti loto limabisa chilakolako.

Mu 2017 Francesca Siclari, Giulio Tononi ndi anzawo ku Wisconsin anawonjezera umboni wina. Anaveka anthu zipewa za timawaya 256 n'kumawadzutsa mobwerezabwereza usiku wonse. Anapeza kuti chimene chimasiyanitsa kulota ndi kusalota ndi mbali ya kumbuyo kwa khungwa la ubongo. Mafunde ochedwa akachepa kumeneko, munthu amanena kuti amalota, kaya ali mu REM kaya ayi. Akachuluka, amanena kuti kunalibe kanthu, ngakhale ali mu REM. Mayina aja a N2, N3 ndi REM amafotokoza mutu wonse ngati chinthu chimodzi, pomwe mbali zosiyanasiyana za ubongo zikhoza kugona mosiyana nthawi imodzi.

Kodi loto lili ndi ntchito?

Zonsezi zikuyankha funso la kumene loto limachokera. Funso la ntchito yake ndi lina, ndipo n'kosavuta kuwasakaniza.

Ganizo lokhala ndi umboni wochuluka ndi lokhudza kukumbukira. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anajambula maselo a hipokampasi mwa makoswe, chiwalo chosunga zinthu zimene zachitika kumene. Maselo amene ankayaka limodzi khoswe akuyenda m'njira masana, anayakanso limodzi khosweyo ali m'tulo. Mu 2000 Robert Stickgold anaseweretsa anthu masewera a pakompyuta a Tetris kwa maola ambiri, ndipo akamawodzera ankaona tizidutswa ta masewerawo tikugwa. Ngakhale odwala amene hipokampasi yawo inawonongeka, amene sankakumbuka n'komwe kuti anasewera, anasimba zithunzi zomwezo. Mu 2010 Erin Wamsley ndi Stickgold anaphunzitsa anthu njira yokhotakhota ya pakompyuta, ndipo amene anailota pogona masana anadzaidutsa bwino kuposa anzawo. Koma olota njirayo anali ochepa kwambiri, ndipo tulo tawo tinali topanda REM kwenikweni. Komanso kubwereza kuja kwa maselo a makoswe kumaoneka kwambiri mu tulo ta mafunde ochedwa, mmene maloto amachepa. Kuti tulo timalimbitsa zimene taphunzira, umboni ulipo wokwanira. Kuti loto lenilenilo, nkhani imene wogona amaiona, ndilo limagwira ntchitoyo, sizinatsimikizike. Likhoza kukhala kuwala chabe kotuluka pa ntchito imene ikuchitika pansi.

Ganizo lina ndi lakuti loto limathandiza kupoletsa mtima. Rosalind Cartwright anatsatira anthu amene mabanja awo anali kutha, ndipo anaona kuti amene ankalota za mwamuna kapena mkazi wawo wakale mokhudza mtima ndi amene anadzapezako bwino patapita miyezi. Ena anakulitsa ganizoli n'kunena kuti REM, popeza noradirenalini amakhala wotsika, imalola ubongo kubwereza chinthu chowawa popanda mantha a m'thupi, ululu wake n'kumachepa. Ndi ganizo lokoma kumva, ndipo mwina lili ndi choonadi. Komabe munthu amene anapulumuka ngozi yoopsa kapena nkhondo akhoza kulota chinthu chomwecho zaka ndi zaka osapeza mpumulo. Ochirikiza ganizoli amati apo ndiye kuti ntchito ya REM ija yasokonekera, koma yankho lotere limachititsa kuti ganizo likhale lovuta kulitsutsa, ngati la Freud lija.

Ganizo limene ndimalilemekeza chifukwa linalola kuyesedwa ndi la Antti Revonsuo wa ku Finland, la mu 2000. Iye anati maloto ndi malo oyeserera zoopsa: makolo athu akalekale amene ankayeserera usiku kuthawa zilombo ndi adani ankapulumuka bwino masana. N'zoona kuti m'maloto osonkhanitsidwa kwa anthu ambiri, mantha ndi mikangano zimachuluka kuposa chisangalalo, ndipo kuthamangitsidwa ndi loto lodziwika kulikonse. Ngati ganizoli lili loona, anthu okhala pakati pa zoopsa zenizeni ayenera kulota zoopsa kwambiri. Susan Malcolm-Smith, Solms ndi anzawo anayesa zimenezi mu 2008 poyerekeza ophunzira a ku South Africa, amene ambiri anakumanapo ndi umbanda, ndi a ku Wales, kumene umbanda ndi wochepa. A ku South Africa anapezeka kuti amalota zoopsa mochepa kuposa a ku Wales, ndipo m'magulu onse awiri maloto othawa bwinobwino choopsa chenicheni anali osowa. Revonsuo ndi anzake ali ndi umboni wawo wochokera kwa ana amene anaona nkhondo, choncho nkhaniyi siyinathe, koma zotsatira za ku South Africa n'zovuta kuzilambalala.

William Domhoff, amene anasanthula maloto masauzande ambiri olembedwa, amati mwina loto lilibe ntchito yapadera. Zimene anapeza n'zakuti maloto ambiri si achilendo monga timaganizira. Timalota anthu omwewo amene timawaganizira masana, ndi nkhawa zomwezo, zaka zambirimbiri. Amatsamiranso pa kafukufuku wa Foulkes wa ana: ana osakwana zaka 5 ali ndi REM yambiri, koma akadzutsidwa samasimba maloto kawirikawiri, ndipo akasimba chimakhala chithunzi choima, monga nyama ili poteropo. Nkhani zoyenda, zimene mwanayo ali nawo mkati, zimayamba cha pa zaka 7 kapena 8. Kwa Domhoff kulota ndi luso la maganizo limene limakula ndi mwana, ndipo limayamba lokha ubongo ukakhala wogalamuka mokwanira koma zitseko za kunja zili zotseka. Akuti loto limanena zoona za wolota ngakhale kuti silinapangidwire ntchito iliyonse. Pa maganizo onsewa, ili ndi limene silipitirira umboni umene ulipo. Palibe mwa kafukufuku yenseyu amene anayesa funso limene ambiri amafunsa kutchalitchi, kumzikiti kapena kwa agogo, lakuti kodi loto lingabweretse uthenga. EEG siyiyeza zimenezo.

Kuti wina atsimikize ntchito ya loto, anayenera kuchotsa loto n'kusiya tulo tili chimodzimodzi, kapena kusintha loto n'kuona chimene chasintha masana. Kudzutsa munthu nthawi iliyonse akalowa mu REM kumawononga tulo tomwe, komanso sikuchotsa maloto a m'magawo ena. Mankhwala ambiri a matenda ovutika maganizo amachepetsa REM kwa miyezi, koma owamwa saiwala zinthu mmene ganizo la kukumbukira likanayembekezera.

Njira yatsopano ikudzera mwa anthu amene amatha kuzindikira kuti akulota ali m'loto momwemo. Popeza minofu ya maso siimangidwa mu REM, wolota wotere akhoza kupereka chizindikiro chimene anapangana ndi woyeza, monga kuyang'ana kumanzere ndi kumanja kangapo. Keith Hearne anajambula chizindikiro chotere ku England mu 1975, ndipo Stephen LaBerge anachitanso chimodzimodzi ku yunivesite ya Stanford ku America patapita zaka zochepa. Mu 2021 Karen Konkoly, Ken Paller ndi magulu a ku America, Germany, France ndi Netherlands anafunsa mafunso anthu 36 ali m'tulo ta REM. Mmodzi atafunsidwa kuti 8 kuchotsa 6 ndi zingati, anayankha ndi maso kawiri, makina akuonetsa kuti akadali m'tulo. Kumeneku ndi kumva za loto likuchitika, osati kudikira zimene munthu akumbuke akadzuka. Malire ake ndi oonekeratu: mayankho olondola anali pafupifupi limodzi pa mafunso asanu aliwonse, mafunso ambiri sanayankhidwe n'komwe, ndipo loto limene munthu akudziwa kuti akulota si lofanana ndi maloto amene anthu ambiri amalota usiku uliwonse.